N'chifukwa chiyani wonjuta n'kumadikira mpira amalandidwa ndi mnzake wowonda?

"Ndimaphunzitsa mpira wamanja pa sekondale ina ku Dedza. Ndili ndi atsikana awiri otchinga kumbuyo, msinkhu wawo ndi umodzi. Wina ali ndi miyendo yamphamvu, amanjuta pansi pa golo kudikira mpira wobwerera, koma kawirikawiri amalandidwa. Mnzake ndi wowonda, amangotsika pang'ono n'kunyamuka, ndipo amadumpha kachiwiri wina uja asanawongoke n'komwe. Mnzanga wandilangiza kuti ndiziwadumphitsa kuchokera pa desiki kuti miyendo ikhwime. Kodi n'zoona? Komanso mtsikana wina wa zaka 14 wayamba kudandaula bondo." — Mphunzitsi, Dedza

Aphunzitsi, musade nkhawa ndi mtsikana wamphamvuyo. Chimene chikumusowa chimaphunzitsika, ndipo mphamvu ali nazozo zimuthandiza kuphunzira msanga. Za desikizo dikirani kaye, ndikuwonetsani masamu ake. Koma tiyambe ndi zimene zimachitika m'mwendo, chifukwa mukazimvetsa muzitha kuweruza nokha malangizo amene anthu akupatseni.

Mnofu sugwira fupa pawokha. Umathera mu mtsempha wolimba, woyera, umene azachipatala amautcha tendoni, ndipo mtsemphawo ndiwo umalumikiza mnofu ku fupa. Pa kudumpha pali iwiri yofunika kwambiri. Woyamba ndi wa kuchidendene, umene mungaugwire ndi zala kuseri kwa kakolo, wolumikiza akatumba a mwendo ku fupa la chidendene. Wachiwiri ndi wa pabondo, wochokera m'munsi mwa kafupa kapabondo kukafika pamwamba pa msongolo, umene minofu ya kutsogolo kwa ntchafu imakokera. Mitsempha imeneyi imatamuka, ngakhale pang'ono chabe. Wa kuchidendene ukakokedwa mwamphamvu umatalika ndi sentimita imodzi kapena awiri, ukasiyidwa umabwerera, ndipo pobwererapo umabweza pafupifupi magawo 90 pa 100 a mphamvu imene inalowamo. Yotsalayo imasanduka kutentha.

Ganizirani legeni. Mwana amakoka mphira pang'onopang'ono ndi dzanja, akasiya mwala umachoka pa liwiro limene dzanja lake silikanafika. Koma dzanja logwira mphanda likalobodoka n'kutsatira mphirawo, palibe chimene chikungike. M'mwendo, dzanja logwira mphandalo ndi mnofu. Ukakhala wolimba pa nthawi imene phazi likugunda pansi, chimene chimatamuka ndi mtsempha, ndipo mphamvu imasungika. Ukakhala wolefuka, mnofuwo ndiwo umatalika, mtsempha sukungika, ndipo mphamvu ya kugwako imangotha ngati kutentha.

Kudumpha kulikonse koyamba ndi kutsika kuli ndi magawo atatu. Thupi limatsika, minofu ndi mitsempha yake zikukokedwa uku zikugwira buleki. Kenako pali kamphindi kamene thupi laleka kutsika koma silinayambe kukwera. Kenako minofu imafupika, mtsempha umabwerera, munthu n'kunyamuka. Kamphindi kapakatiko ndiko kakusiyanitsa atsikana anu. Kafukufuku wina wa ku Australia wa mu 1991, wochitidwa pa onyamula zitsulo, anapeza kuti munthu akaima pansipo, theka la phindu la kutsikako limakhala litatha sekondi imodzi isanakwane. Woponya mu mpira wamanja amaloledwa kugwira mpira mpaka masekondi 3, mpirawo uyende m'malere, ugunde golo. Mtsikana amene ananjuta woponya atangolandira mpira wakhala pansipo nthawi yaitali moti phindu lonse lapita, ndipo ntchafu zake zayamba kale kutopa ndi kungogwira thupi.

Pano ndinene chinthu chimene makochi ambiri amachimva mopotoka. Anthu amati ukatsika mofulumira n'kudumpha umafika pamwamba chifukwa mitsempha yasunga mphamvu. Pa kudumpha kwa chiimire, kotsika mpaka mawondo atapindika kwambiri, chifukwa chachikulu ndi china. Mnofu sufika pa mphamvu zake zonse nthawi yomweyo, umafuna pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a sekondi kapena kupitirira. Munthu woyambira chonjuta amayamba kukwera minofu ikadadzuka, choncho masentimita oyamba a ulendo wake amawayenda ndi mphamvu zochepa. Amene watsika kaye wagwira buleki, ndiye pamene akuyamba kukwera minofu ili kale pa mphamvu yaikulu. Maarten Bobbert ndi anzake a ku Amsterdam anaunika zimenezi mu 1996 pa osewera volebo. Kusiyana kunali pafupifupi masentimita 3, ndipo anapeza kuti kwakukulu kunkachokera pa kudzuka msanga kwa minofuku, osati pa kutamuka kwa mitsempha.

Izi sizikutanthauza kuti mtsempha umangokhala pa kudumpha koteroko. Makina oonera m'thupi aonetsa kuti ngakhale munthu ayambire chonjuta, akatumba amayamba kufupika kakolo asanawongoke, ndiye amakhala akukoka mtsempha wa kuchidendene. Chakumapeto kwenikweni, chidendene chikamanyamuka, mtsemphawo umabwerera mwadzidzidzi n'kukankha phazi pa liwiro limene mnofu wokha sungathe. Mnofu ukamafupika mothamanga mphamvu yake imachepa, pamene mtsempha ulibe vuto limenelo.

Kumene mtsempha umalamulira nkhani yonse ndi pa kudumpha kwachangu, kumene phazi limangokhudza pansi n'kunyamuka. Akatswiri amaika malire pa masekondi 0.25. Kupitirira pamenepo ndi kudumpha kodalira chiuno ndi ntchafu. Kuchepera pamenepo ndi kudumpha kodalira kakolo ndi mtsempha wa kuchidendene. Wothamanga mamita 100 phazi lake limakhala pansi pafupifupi masekondi 0.1. Pa nthawi yochepa chomwecho palibe mpata woti mnofu udzuke phazi litagunda kale. Ubongo umaulimbitsa munthu akadali m'malere, kachigawo kakang'ono ka sekondi asanatere, ndipo akangotera timitsempha ta mauthenga ta m'mnofumo timamva kukokedwako n'kuwonjezera kulimba pasanathe masekondi 0.05. Akatumba amakhala ngati sakusuntha, mtsempha wokha ndiwo ukutamuka ndi kubwerera. Kudumpha kwachiwiri kwa mtsikana wowondayo kuli m'gulu limeneli, ndipo mphamvu za kunjuta sizilowapo kwenikweni.

Mtsempha umasunga zochuluka bwanji? Ofufuza a ku Leeds ku Mangalande, Robert Ker ndi McNeill Alexander pamodzi ndi anzawo, anawerengera mu 1987 kuti munthu wa makilogalamu 70 akamathamanga, pa majulo, omwe ndi muyeso wa mphamvu, pafupifupi 100 amene amasinthana pa sitepe iliyonse, 35 amasungika mu mtsempha wa kuchidendene ndipo 17 m'kati mwa phazi. Manambala amenewa muwasunge, tiwafuna pa nkhani ya desiki. Dziwaninso kuti mphamvu yosungika imakwera mofulumira kuposa chikoka. Mnofu ukakoka mtsempha kuwirikiza kawiri, mtsemphawo umatamuka pafupifupi kawiri, ndipo zosungikazo zimakhala pafupifupi kanayi. N'chifukwa chake ndati wamphamvuyo ali pabwino. Mtsempha sungasunge zoposa zimene mnofu ungaugwirire.

Tsopano tiyese atsikana anu, chifukwa diso limanama. Mufunika foni yojambula kanema woyenda pang'onopang'ono, pamene pamalembedwa `Slo-mo`, makamaka ya zithunzi 240 pa sekondi, ndi pulogalamu yoyendetsa kanemayo chithunzi chimodzichimodzi. Ikani foni pansi, mamita awiri kuchokera pa wodumpha, ikuona mapazi. Werengani zithunzi kuyambira pamene chala chomaliza chasiya nthaka kufika pamene chala choyamba chagundanso. Gawani ndi 240, mupeza masekondi amene anali m'malere. Kutalika kwa kudumpha m'mamita ndi uku:

```
h = 1.226 × t × t
```

Manja akhale m'chiuno nthawi zonse, chifukwa kuponya manja kumawonjezera masentimita angapo n'kubisa zimene miyendo ikuchita. Atere ndi miyendo yowongoka monga ananyamukira. Wopinda mawondo m'malere amachedwa kutera, ndiye masamu amamupatsa masentimita amene sanadumphe. Foni ya zithunzi 30 pa sekondi isakunyengeni, chithunzi chimodzi cholakwika chimasintha yankho ndi masentimita pafupifupi 4, kuposa kusiyana kumene tikufufuzako. Ngati ndi imene muli nayo, gwiritsani choko pa khoma poyeza kutalika, ndipo pa kudumpha kwachangu mverani ndi makutu.

Tiyerekeze kuti wamphamvu uja akulemera makilogalamu 60. Poyamba anjute, mawondo atapindika ngati ngodya ya buku, adikire masekondi 3, adumphe osatsikanso. Mwawerenga zithunzi 112, ndiwo masekondi 0.467, ndiwo masentimita 26.7. Kachiwiri ayambe chiimire, atsike n'kunyamuka mosaima. Zithunzi 118, masekondi 0.492, masentimita 29.6. Kusiyana kwa masentimita 3 kumeneku n'kwabwinobwino. Kukakhala kulibe, kawirikawiri ndiye kuti akutsika mwaulesi kapena akuima pansipo, kapenanso anabera poyamba paja potsikako pang'ono asanadumphe. Kukakhala kwakukulu kwambiri musafulumire kusangalala, nthawi zina kumatanthauza kuti minofu yake imachedwa kudzuka ikayambira poima.

Kuyesa kwachitatu ndiko kukuuzeni zambiri. Aime pa bokosi lolimba la masentimita 30, atulutse phazi limodzi n'kudzigwetsa, osadumphira m'mwamba, atere ndi mapazi onse n'kunyamuka msanga momwe angathere. Pano muwerenge zinthu ziwiri, nthawi imene anakhala pansi ndi nthawi ya m'malere. Tinene kuti pansi wakhala zithunzi 48, masekondi 0.20, m'malere zithunzi 114, masentimita 27.7. Gawani kutalika m'mamita ndi nthawi ya pansi, 0.277 kugawa ndi 0.20, mupeza 1.38. Mukweze bokosi lifike masentimita 45. Tsopano pansi wakhala zithunzi 67, masekondi 0.28, m'malere zithunzi 110, masentimita 25.8, ndipo nambala ija yatsika kufika pa 0.92. Wagwa kuchokera patali koma wadumpha pafupi, ndipo wachedwa pansi. Mukabwereza kanemayo muona chidendene chikumenya pansi, mawondo akupindika kwambiri, ndipo phokoso lake ndi lolemera, la phwa, osati lakuthwa. Akatumba agonja. Bokosi lake la masewera ndi la masentimita 30, ndipo lidzakwera pokhapokha nambala ija ikadzakwera nalo.

Desiki la kusekondale limakhala pafupifupi masentimita 70. Mtsikana wa makilogalamu 60 akagwa kuchokera pa masentimita 30 amafika pansi ndi majulo 177, pa liwiro la mamita 2.4 pa sekondi. Kuchokera pa 70 amafika ndi majulo 412, pa liwiro la mamita 3.7 pa sekondi. Mitsempha iwiri ya kuchidendene ndi mapazi awiri, tikatenga manambala a ku Leeds aja, zimasunga majulo ongopitirira 100. Onjezani mitsempha ya pabondo, simufikabe pafupi ndi 412. Zotsalazo minofu iyenera kuzimeza pogwira buleki, ndipo zimene yalephera zimagwera mawondo, akakolo ndi msana. Mtsikanayo aphunzira kutera molemera ndi kuchedwa pansi, zimene tikufuna kumuchotsa zomwe zija.

Langizo la mnzanuyo lili ndi kumene linachokera. Kochi wa ku Soviet Union, Yuri Verkhoshansky, m'zaka za m'ma 1960 ankagwetsa akatswiri ake kuchokera pa masentimita 75 kapena kupitirira, ndipo njirayo inafalikira dziko lonse ndi dzina lakuti pulayometiriki. Koma amenewo anali akuluakulu amene anali atanyamula zitsulo kwa zaka, ndipo ankachita zimenezi kwa milungu yochepa chabe pa chaka. Mwana wa fomu 2 sali pamenepo.

Chochita ndi wamphamvuyo pa bwalo chiyambe mawa lomwe. Asamanjute podikira. Aime chotalika, mawondo opindika pang'ono, kulemera kuli kutsogolo kwa phazi, chidendene chikungokhudza pansi, maso pa mpira. Atsike pamene waona kumene mpira ukugwera, ndipo atsike pang'ono, mwachangu. Pali kupindula ndi kutaya apa kumene muyenera kukudziwa. Kutsika kwambiri kumapatsa masentimita ochulukirapo koma kumadya nthawi yopitirira theka la sekondi, ndipo mpira wobwerera sudikira. Pansi pa golo, wofika msanga pa masentimita 25 amalanda mpira kwa wofika mochedwa pa 30. Muuzeni mawu amodzi okha pa nthawi. "Pansi pakuwotcha" amagwira ntchito kuposa kumufotokozera za mawondo, chifukwa thupi limadzikonza lokha likamafuna kuchokapo msanga.

Kumanga miyendo kumafuna miyezi itatu, kawiri pa mlungu, masiku awiri kapena atatu pakati. Chitani atangotenthetsa thupi, asanatope ndi masewera. Kudumpha kwa munthu wotopa kumachedwa pansi, ndiye sikuphunzitsa zimene tikufuna. Milungu inayi yoyamba ndi ya kutera ndi kudumpha kwapafupi. Atsike pa sitepe ya masentimita 20, atere mwakachetechete, aime nji masekondi awiri. Imani kutsogolo kwake muone mawondo. Akamagwera m'kati kuyandikizana, imitsani, chifukwa kutera kumeneko, pamodzi ndi kuima mwadzidzidzi kumene malamulo a mapazi amafuna, ndiko kumadula mtsempha wa m'kati mwa bondo, ndipo atsikana amavulala chomwechi kawirikawiri kuposa anyamata. Onjezani kudumpha chingwe ndi kunjanja pamalo amodzi mawondo ali pafupifupi owongoka, ka 10, kupuma, maulendo atatu. Werengani kangati mapazi agunda pansi mwamphamvu, osawerengera chingwe chopepuka. Tsiku limodzi lisapitirire 40 mpaka 60.

Kuyambira mlungu wachisanu lowetsani bokosi limene munapeza poyesa paja, ka 5 maulendo atatu, masekondi 10 mpaka 15 pakati pa kudumpha kulikonse ndi mphindi ziwiri pakati pa maulendo. Zioneka zochepa, ndipo atsikana adzapempha zina. Kanani. Amene angalowe gawo limeneli ndi wotha kunyamuka pa zala za phazi limodzi ka 20 mosapumira, ndiponso kutsika pa mwendo umodzi bondo osagwera m'kati. Mwezi wachitatu tengerani zonse pansi pa golo. Ponyani mpira ugunde chitsulo, mtsikana augunde m'mwamba ndi zala, atere, anyamukenso kukaugwira. Pofika apa mapazi angagunde ka 80 pa tsiku. Mukamva phokoso layamba kulemera, tsikulo latha, kaya nambala yakwana kapena ayi.

Kudumpha kokha sikulimbitsa mtsempha kwambiri, ndipo apa m'pamene matimu ambiri amapunthwa. Kudumpha kumaphunzitsa ubongo ndi minofu kugwira pa nthawi yake, ndipo zimenezi zimasintha m'milungu yochepa. Mtsempha umamva chikoka chachikulu chokhalitsa masekondi angapo, pamene kudumpha kumaukoka kwa kamphindi chabe. Choncho pa masiku omwewo, kudumpha kukatha, aime ndi phazi limodzi m'mphepete mwa sitepe, dzanja pa khoma, chikwama chakumsana chili ndi mchenga wa makilogalamu 5 mpaka 10. Akwere pa zala masekondi 3, atsike masekondi 3, ka 6 mpaka 8, maulendo anayi mwendo uliwonse. Kulemera kukhale kwakuti awiri omalizawo avutike. Akafika pa 12 mosavuta, onjezani mchenga. Za bondo ndi chimodzimodzi, phazi limodzi kutsogolo lina kumbuyo, kutsika ndi kukwera pang'onopang'ono ndi chikwama chomwecho.

Musayembekeze zotsatira msanga. Mnofu umayamba kulimba m'milungu itatu kapena inayi, mtsempha umafuna miyezi iwiri kapena itatu. Magazi amayendamo ochepa ndipo umasintha mochedwa, moti ofufuza a ku Copenhagen anapeza mu 2013 kuti chapakati pa mtsempha wa kuchidendene wa munthu wamkulu ndi chomwe chija chinamangidwa asanafike zaka pafupifupi 17. Nthawi yoopsa ndi mwezi wachiwiri, pamene mwana akumva mphamvu zatsopano ndipo akudumpha kwambiri, koma mtsempha ukadali wakale.

Za malo ochitira, bwalo la simenti ndi la mpikisano, masewera odumpha apite pa udzu wosalala. Mu Okutobala dothi la bwalo la sukulu limauma gwa, ndiye chepetsani kudumpha kapena thirani madzi pamalopo madzulo a dzulo lake. Mchenga umasunga miyendo koma umameza mphamvu, phazi limachedwa pansi, choncho ndi wabwino kwa wochira, osati pophunzitsa kudumpha kwachangu. Komanso kudzikoka mwendo n'kukhala chomwecho kupitirira mphindi imodzi masewera asanayambe kumachepetsa mphamvu kwa kanthawi. Kumeneko kudikire kumapeto.

Tibwere kwa wa zaka 14. Mufunseni aloze ndi chala chimodzi pamene pakupweteka. Akaloza pamwamba pa msongolo, zala ziwiri kapena zitatu m'munsi mwa kafupa kapabondo, ndipo pali kachotupa kolimba kopweteka akagwada, mwina ndi vuto la ana amene akukula msanga. Pamalo pamene mtsempha umalowa m'fupa pamakhala pasanakhwime, ndiye chikoka cha ntchafu chimapanyanyula. Kwa ana ambiri limatha fupa likakhwima, ngakhale kachotupako kamatsala. Asalowe za bokosi konse. Chepetsani kudumpha ndi kuthamanga mpaka ululu utsike, azitambasula ntchafu mofatsa, ndipo apitirize kuponya ndi kupatsirana mpira. Ana ocheperapo msinkhu amamva zofanana kuseri kwa chidendene, chifukwa chake ndi chomwecho.

Akaloza m'munsi mwenimweni mwa kafupa kapabondo, ndipo akuti kumapweteka poyamba, kumaleka thupi likatentha, n'kubwerera mwamphamvu m'mawa mwake potsika masitepe, ndiye mtsempha weniweniwo walemedwa. Kuleka kwa ululu pakati pa masewera ndiko kumapusitsa makochi. Muweruze ndi m'mawa wotsatira. Ululu wosapitirira 3 pa 10 umene wabwerera mwakale pakatha maola 24 ndi wololeka. Ukakwera, katundu wa dzulo anachuluka, dulani kudumpha ndi theka. Kumugoneka mwezi wathunthu sikuchiritsa, mtsempha wosagwira ntchito umafooka ndipo ululu umabwerera tsiku loyamba pa bwalo. Chimene chimathandiza ndi masewera olemera apang'onopang'ono aja. Ena amapepukidwa akatsamira msana ku khoma mawondo atapindika pang'ono kwa masekondi 45, maulendo asanu. Musalole kuti azimwa mankhwala opha ululu n'cholinga choti asewere, chifukwa mukhala mwazimitsa chizindikiro chokha chimene muli nacho.

Kaya waloza pati, auzeni makolo, ndipo ngati milungu inayi mpaka isanu ndi umodzi yapita mutachepetsa katundu koma palibe kusintha, apite ku chipatala cha boma akapemphe kuonana ndi a mafiziyo. Pali zina zosadikira n'komwe. Bondo likalira kuti thu potera n'kutupa m'maola ochepa, likamagwa lokha kapena kukakamira osawongoka, apite tsiku lomwelo. Chimodzimodzi bondo lotentha ndi lotupa mwana akumva malungo m'thupi, ululu womudzutsa usiku asanasewere, kapena kutsimphina kumene kukubwera ndi ululu wa m'chiuno, chifukwa pa msinkhu umenewu vuto la m'chiuno limatha kumveka pa bondo.

Kuduka kwa mtsempha wa kuchidendene n'kosowa mwa ana. Kumagwera kwambiri akuluakulu a zaka za m'ma 30 ndi 40 amene alowa m'bwalo atakhala nthawi osasewera, ndiye zikukhudzaninso inu tsiku la mpira wa aphunzitsi. Munthu amatembenuka kufuna amene wamumenya kuseri kwa mwendo, koma palibe. Amatha kuyendabe chotsimphina, n'chifukwa chake ena amachedwa kupita kuchipatala. Mugonekeni chafufumimba mapazi akulendewera, finyani katumba. Phazi labwino limagwedezeka kuloza pansi, loduka limangokhala. Zikatero asapondenso mwendowo, ndipo asasisitidwe. Funsaninso osewera anu ngati wina akumwa sipurofulokisasini, mankhwala amene amaperekedwa kawirikawiri pa matenda a m'mimba ndi a njira ya mkodzo. Amadziwika kuti amafooketsa mitsempha imeneyi, nthawi zina mpaka milungu ingapo munthu atamaliza kumwa. Wotere apume pa zodumpha, ndipo akamva ululu kuseri kwa kakolo abwerere msanga kwa amene anamupatsa mankhwalawo.

Bwerezani mayeso atatu aja pakatha milungu inayi iliyonse, pa malo omwewo, ndi nsapato zomwezo, atsikana asanatope, ndipo lembani m'kope. Kwa wamphamvuyo yang'anani nthawi ya pansi, iyenera kutsika kutalika kusanasinthe kwenikweni. Kwa wowondayo yang'anani kudumpha koyambira chonjuta. Kukakhala kotsika, iye ndiye afunika chikwama cha mchenga kuposa bokosi.